Funsani Adokotala: Mafunso amene tinamasulira tokha, tiwakhulupirire?

Adokotala,

Ndine namwino pachipatala china cha kumudzi, ndipo ndimayang'anira kiliniki ya odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tinaona kuti ambiri mwa iwo ali ndi matenda a maganizo, choncho tinatenga fomu ya PHQ-9 n'kuimasulira m'Chichewa. Mphunzitsi wina amene sanaone fomu yoyambayo anabweza mawu athu m'Chingelezi, ndipo anafanana bwino. Tafunsa odwala 60, ndipo mnzathu wodziwa masamu wapeza kuti alefa ya Cronbach ndi 0.9. Ambiri sadziwa kuwerenga, ndiye timawawerengera, ndipo aliyense wa ife amafotokozera mmene angathere kuti wodwala amve. Kodi fomuyi tiyambe kuigwiritsa ntchito potumiza anthu kwa a zamaganizo?

Namwino wa kumudzi

Asisita,

Ayi, musayambe. Funso ili ndalilandira kambirimbiri, ndipo aliyense amabwera atanyamula alefa yake ngati chiphaso. Koma ine maso anga ali pa mawu amene mwawaponya kumapeto ngati nkhani yaing'ono: aliyense amafotokozera mmene angathere. Ngati muli anamwino anayi, ndiye kuti muli ndi mafomu anayi, osati imodzi. Wina akafika pa funso la tulo amati, "Mumagona bwino?" Wina amati, "Tulo sitikubwera, eti?" Wodwala waulemu amavomera onse awiri, ndipo malikisi ake amasintha malinga ndi amene wakhala pampando tsikulo.

Kalekale ndinkagwira ntchito pachipatala china kumene fomu yotereyi inkasonyeza kuti pafupifupi palibe wodwala woganiza zodzipha. Tinkasangalala. Tsiku lina ndinakhala pakona n'kumangomvetsera. Ndinaona mnzathu wina akulumpha funso lachisanu ndi chinayi, lofunsa ngati munthu amaganiza kuti bola kufa kapena kudzivulaza. Ankangolemba ziro, chifukwa apongozi a wodwalayo anali chikhalire pambali ndipo iye ankachita manyazi. Nditatulutsa agadiyani n'kumufunsa mayiyo payekha, analira nthawi yaitali asanayankhe. Anali atasunga kale mankhwala a makoswe m'nyumba. Mpaka lero ndikaona fomu yodzaza ziro pa funso limenelo, mtima wanga sukhala pansi.

Ndiye choyamba, yesani ngati fomuyo imapereka yankho limodzimodzi ikagwiridwa ndi manja osiyana. Tengani odwala 30. Namwino mmodzi amufunse wodwala m'mawa, wina amufunsenso asanapite kwawo, osaona zimene mnzake walemba, ndipo onse awerenge mawu monga momwe alembedwera. Ena muwafunsenso pakapita masiku ochepa, koma musadikire mwezi, chifukwa fomuyi imafunsa za masabata awiri apitawa ndipo munthu amatha kusintha. Wodwala akapeza 6 kwa uyu ndi 14 kwa uyo, vuto lili pa mawu kapena pa kafunsidwe.

Za alefa yanuyo, imangotiuza kuti mafunso asanu ndi anayiwo akuyendera limodzi. Siitiuza kuti akuyeza chimene mukufuna. Sikelo ya wogula chimanga imene imaba makilogalamu awiri pa thumba lililonse ndi yosasinthasintha, koma ndi yabodza. Ndiponso odwala akamangoti "eya" pa funso lililonse pofuna kukulemekezani, alefa imakwera. Ine 0.9 yochokera kwa odwala owerengeredwa ndi anthu osiyanasiyana imandidetsa nkhawa m'malo mondisangalatsa.

Kubweza mawu m'Chingelezi nakonso musakudalire kwambiri. Mphunzitsi wanuyo ndi wophunzira ngati inu, ndipo amamva Chichewa cha m'mabuku. Ndikukhulupirira kuti pa funso lachiwiri mwalemba "kukhumudwa". Iye abweza bwinobwino. Koma agogo a kumudzi mukawafunsa ngati akhumudwa, amayamba kufufuza amene wawalakwira, ndipo akapanda kumupeza amati ayi. Anthu athu amati "ndikuganiza kwambiri", "mtima ukundiwawa", "ndilibe mtendere mumtima". Mayankho nawonso ndi msampha. Fomuyi imafuna munthu asankhe pakati pa masiku angapo, masiku opitirira theka, ndi pafupifupi tsiku lililonse. Ndani kumudzi amawerenga theka la masiku 14? Khalani pansi ndi odwala 10 kapena 15, amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata. Werengani funso limodzi, kenako muti, "Ndakufunsani chiyani? Nenani m'mawu anu." Pamene asokonekera, konzani, muyesenso pa ena.

Chenjezo lina likukhudza odwala anuwo makamaka. Mafunso atatu ndi a kutopa, tulo ndi chilakolako cha chakudya. Munthu amene shuga wake wakwera amatopa, amadzuka usiku kukataya madzi, ndipo kadyedwe kake kamasokonekera. Funso lililonse limafika pa malikisi 3, ndiye atatuwa okha akhoza kumupatsa 9 pa 27 alibe vuto la maganizo. Muziona kumene malikisi achokera, osangoona chiwonkhetso.

Tsopano muyeso weniweni wa kulondola. Pafunika katswiri wa matenda a maganizo amene acheze mozama ndi odwala omwewo, onse, opeza malikisi ambiri ndi ochepa omwe, asakudziwa zimene fomu yanena. Kenako mufananitse. Michael Udedi ndi anzake anachita zimenezi kuno ku Malawi pa odwala shuga, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Anapeza kuti malire oyenera ndi 9, osati 10 amene amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Pa malire amenewo fomu inagwira odwala 64 mwa 100 alionse amene analidi ndi matendawa, ndipo inamasula molondola anthu 94 mwa 100 amene analibe.

Tiyerekeze kuti pa benchi panu pali anthu 100, ndipo 20 akudwaladi. Fomu igwira 13, n'kusiya 7 apite kwawo ngati ali bwino. Mwa 80 otsalawo, iloza pafupifupi 5 molakwika. Ndiye mwa anthu 18 amene muwatumize, 13 ndiwo odwala. Imeneyo ndi fomu yoyesedwa mosamala ndi akatswiri, komabe ikuphonya munthu mmodzi mwa atatu. Nanga yanu, imene palibe waiyesa, ikuphonya angati? Odwala 60 sangakuuzeni. Mwa iwo odwaladi mwina ndi 12 okha, ndipo mmodzi akasintha mbali, chiwerengero chonse chimagwedezeka.

Kunena zoona, zimandipweteka kuona anamwino otopa kale akuthera mphamvu pa ntchito imene ena anaigwira. PHQ-9 ya Chichewa yoyesedwa ilipo. Pitani kwa mkulu woona za matenda a maganizo ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu mukaipemphe. Mukaipeza musasinthe liwu ngakhale limodzi, ndipo ngati ena mwa odwala anu amalankhula Chiyao kapena Chisena, musamatanthauzire pakamwa pomwepo n'kuwerengera malikisi ngati ndi fomu yomweyo. Kumeneko n'kumasulira kwatsopano, kofunika kuyesedwa pakokha.

Chimodzi chokha musadikire nacho kafukufuku. Funso lachisanu ndi chinayi lifunseni kwa wodwala aliyense, ali yekha, chitseko chili chotseka. Akayankha china chilichonse choposa ziro, ngakhale malikisi ake onse atakhala 2, asachoke pachipatala asanaonane ndi kilinikala ofesa tsiku lomwelo.