Kujambula mzere wa malire a phindu ndi chiopsezo mu Excel

Mu 1952 Harry Markowitz anaonetsa kuti chiopsezo cha ndalama zoikidwa m'zinthu zingapo sichidalira kugwedezeka kwa mtengo wa chinthu chilichonse pachokha basi, koma chimadaliranso mmene mitengoyo imayendera limodzi. Apa ndi pomwe panachokera mzere wa malire, umene akatswiri a zachuma amautcha efishenti furontiya: pa phindu lililonse limene munthu akufuna, pali kagawidwe ka ndalama kamene chiopsezo chake n'chochepa kuposa kagawidwe kena kalikonse, ndipo mukalumikiza magawidwe amenewa mumapeza mzere wokhota. Kuujambula mu Excel sikovuta. Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti mzerewu suli wodalirika mofanana ponseponse. Kumunsi kwake n'kolimba, kumtunda n'kofooka, ndipo aliyense woujambula ayenera kuuyesa asanaikepo ndalama.

Ntchito imayamba ndi mitengo, ndipo zolakwika zambiri zimalowera pomwepa. Sonkhanitsani mitengo ya kumapeto kwa mwezi ya zinthu zitatu, miyezi 61 yotsatizana, kuti mupeze phindu la miyezi 60. Phindu la mwezi ndi mtengo watsopano kugawa ndi wakale, kuchotsa 1, monga `=B3/B2-1`. Mitengoyo ikhale yoti dividendi yawerengedwamo, apo ayi sheya yolipira bwino idzaoneka ngati yosapindula. Masiku afanane mzere ndi mzere, ndipo zonse zikhale m'ndalama ya mtundu umodzi. Amene akusakaniza masheya ogulidwa m'makwacha ndi ena a m'madola akumbukire kuti mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mwezi umodzi wotero ukhoza kusintha zotsatira zonse. Mukatha, koperani phindulo pa tsamba latsopano ndi `Paste Special > Paste Link`, m'maselo `B2:D61`.

Kenako pamafunika avareji ya phindu la chinthu chilichonse ndi kovariyansi, yomwe ndi muyeso wa mmene zinthu ziwiri zimakwerera kapena kutsikira limodzi. Mu `F2` lembani `=AVERAGE(B2:B61)*12`, ndipo mu `F3` ndi `F4` chitani chimodzimodzi pa chinthu chachiwiri ndi chachitatu. Tebulo la kovariyansi likhale mu `H2:J4`. Lembani fomyula iyi mu `H2` n'kuikokera m'maselo onse asanu ndi anayi:

```
=COVARIANCE.S(INDEX($B$2:$D$61,0,ROWS(H$2:H2)),INDEX($B$2:$D$61,0,COLUMNS($H2:H2)))*12
```

Wina anganene kuti chida cha `Covariance` cha mu `Data Analysis` n'chachangu. N'zoona, koma chimadzaza theka lokha la tebulo, chimagawa ndi 60 m'malo mwa 59, ndipo manambala ake a zinthu ziwiriziwiri sasintha mukakonza mitengo. Fomyula ndiyo yabwino. Onetsetsani kuti `I2` ikufanana ndi `H3`. Zikasiyana, chizindikiro cha `$` chasokonekera penapake. Tsopano mu `L2:L4` lembani gawo la ndalama lopita ku chinthu chilichonse, poyambira `=1/3`, mu `L5` lembani `=SUM(L2:L4)`, ndipo `L6` ndi `L7` zikhale phindu ndi chiopsezo cha zonse pamodzi:

```
=SUMPRODUCT(L2:L4,F2:F4)
=SQRT(SUMPRODUCT(L2:L4,MMULT(H2:J4,L2:L4)))
```

Tiyerekeze ndi manambala achitsanzo kuti mukhale ndi poyesera tsamba lanu. Chinthu choyamba chipindula 6 peresenti pachaka ndi chiopsezo cha 8, chachiwiri 10 ndi 15, chachitatu 14 ndi 25. Tebulo la kovariyansi lili ndi 0.0064, 0.0225 ndi 0.0625 pamzere wopingasa wapakati. Choyamba ndi chachiwiri 0.0024, choyamba ndi chachitatu 0.0020, chachiwiri ndi chachitatu 0.01875. Mukagawa ndalama mofanana, `L6` ionetse 10 peresenti ndipo `L7` ionetse 12.37. Taonani kuti chinthu chachiwiri pachokha chimapereka phindu lomwelo koma ndi chiopsezo cha 15.

Kupeza kagawidwe kabwino koposa ndi ntchito ya `Solver`, imene imayatsidwa kudzera mu `File > Options > Add-ins`. Mu `Set Objective` ikani `L7`, sankhani `Min`, mu `By Changing Variable Cells` ikani `L2:L4`, ndipo onjezani lamulo loti `L5` ikhale 1. Chongani `Make Unconstrained Variables Non-Negative` kuti pasapezeke gawo lochepera ziro, lomwe lingatanthauze kugulitsa sheya yobwereka. Njira ikhale `GRG Nonlinear`. Ulendo woyamba musaike lamulo la phindu. Yankho lidzakhala pafupifupi 83, 15 ndi 2 peresenti, phindu 6.76 ndipo chiopsezo 7.56, chomwe n'chochepa kuposa cha chinthu chodekha kwambiri mwa zitatuzi. Mzere umayambira pamenepa, ndipo kagawidwe kalikonse ka phindu lochepera apa n'kotaya nako nthawi. Ndiyeno onjezani lamulo loti `L6` ifanane ndi selo ya phindu lofunidwa, n'kubwereza pa 7, 8, 9 mpaka 14 peresenti. Ulendo uliwonse sungani `L2:L7` pambali ndi `Paste Special > Values`, chifukwa kukopera wamba kumatenga fomyula, ndipo madontho angathere pamalo olakwika. Pa 10 peresenti mupeze pafupifupi 30, 39 ndi 30, chiopsezo 12.34. Pojambula sankhani `Scatter with Smooth Lines`, chiopsezo chiyende cham'mbali ndipo phindu chokwera. Mzere ukhote bwinobwino popanda mano. Dontho likalowa m'kati, `Solver` inaima isanafike, ndiye bwezerani magawo pa `1/3` muyeserenso.

Mzere ukaoneka wosalala, mtima umafuna kuukhulupirira, koma tiyeni tiuyese. Sinthani phindu la chinthu chachiwiri kuchoka pa 10 kufika pa 11, n'kufunsanso kagawidwe ka phindu la 10 peresenti. Chachiwiri chikwera kufika pa 47 peresenti, chachitatu chitsika kuchoka pa 30 kufika pa 20. Kodi kulakwitsa ndi peresenti imodzi n'kwachilendo? Kutalitali. Avareji yotengedwa pa zaka zisanu imatha kuphonya ndi chiopsezo cha pachaka chitagawidwa ndi `SQRT(5)`, chomwe pa chinthu chachiwiri ndi pafupifupi 6.7 peresenti. Choncho phindu lake lenileni likhoza kukhala 4 kapena 16, manambala a m'mbuyomo osatsutsa. `Solver` sidziwa zimenezi. Imatenga avareji ngati choonadi, n'kuunjika ndalama pa chimene chinachita mwayi m'zaka zosankhidwazo. Magawo a dontho la kumunsi kwa mzere sasintha pa mayeso amenewa, chifukwa sadalira avareji ngakhale pang'ono.

Ena amati yankho ndi kutenga mitengo ya tsiku ndi tsiku kuti manambala achuluke. Zimathandiza pa kovariyansi, koma pa avareji ayi, pakuti kulondola kwake kumadalira kutalika kwa nyengo yonse, osati kuchuluka kwa zidutswa zimene mwaigawamo. Komanso pa msika umene sheya imatha masiku osagulidwa, monga zimachitikira ndi masheya ena pa msika wa masheya wa Malawi, mtengo wosasuntha umaoneka ngati chiopsezo chochepa pamene vuto n'kusowa kwa ogula. Kutalikitsa nyengo kufika zaka makumi awiri kumadula kuphonya kuja ndi theka lokha, ndipo kampani ya zaka makumi awiri zapitazo siyofanana ndi ya lero.

Enanso angafunse kuti, ngati zili choncho, kuvutikiranji? Chitsanzo chathu chikuwapatsa mphamvu, pakuti kugawa mofanana kunapereka 12.37 pamene `Solver` inapereka 12.34. Koma popanda mzerewo sitikanadziwa kuti kugawa mofanana kuli pafupi chonchi ndi malire, ndipo pa zinthu zina sikukhala pafupi konse. Ubwino wa mzerewu uli pa kuyerekeza kotereku. Choncho jambulani mizere iwiri, wina wa miyezi 30 yoyamba ndi wina wa miyezi 30 yomaliza, pa tchati chimodzi. Onjezaninso lamulo loti chinthu chimodzi chisapitirire theka la ndalama zonse. Chigawo chimene mizere iwiriyo yayandikana, magawo a ndalama nawonso akufanana, ndicho mungasankhepo kagawidwe kanu.