Kalembedwe ka Mbiri Yachidule ya Mlendo Wodzalankhula

Pokonzekera msonkhano, mlembi wa komiti amapempha mlendo wodzalankhula kuti atumize mbiri yake yoti ilembedwe pa pepala la ndondomeko. Kawirikawiri chimene chimafika ndi mndandanda wa zaka ndi maudindo. Mlembi waulesi amangokopera wonsewo, ndipo anthu amapinda pepalalo naliika m'thumba, osadziwa chifukwa chake ayenera kupirira mphepo ya ku Dedza kuti amvere munthuyo.

Ntchito ya mlembi ndi kufuna chinthu chimodzi m'mndandandamo chimene munthu angakauze mnzake pobwerera kumudzi. Chitsanzo chabwino ndi mbiri ya malemu Ambuye Cornelius Chitsulo, amene anamwalira mu 1984. Sukulu ina ya ku Bembeke ikadawaitana mu 1960, mndandanda wawo ukadati: kubadwa 1909, unsembe 1937, uepiskopi 1957, Episkopi wa Dedza 1959. Zonsezi nzoona, koma palibe chogwira mtima.

Tsono mlembi wanzeru amafunsa pa chaka chilichonse kuti, "Kodi chinachitika nchiyani pamenepa chimene sichinachitike kwa ena?" Pa 1937 yankho nlakuti iwo ndiwo anali mbadwa yoyamba ya dziko lino kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Katolika. Pa 1957 yankho ndi lomwelo: mbadwa yoyamba kukhala episkopi. Apa mbiri yapezeka, ndipo ikadalembedwa motere:

"Ambuye Cornelius Chitsulo ndiwo Episkopi wa Dedza. Kawiri konse atsegula njira imene mbadwa ya dziko lino inali isanayendemo: mu 1937 anakhala wansembe woyamba, ndipo patapita zaka 20 anakhala episkopi woyamba. Lero alankhula kwa ana a sukulu ndi makolo awo."

Chaka chobadwa chatayidwa, pakuti sichithandiza womvera. Udindo umene mlendo ali nawo pa tsikulo wayamba, ndipo mawu otsiriza akunena chimene wabwerera. Mawu otamanda, monga "wotchuka" kapena "wanzeru zakuya", mulibe. Anthu akumudzi sachedwa kuzindikira kusyasyalika.

Komatu si mlendo aliyense amene anakhala woyamba pa china chake. Mlangizi wa zaulimi angangolemba malo asanu amene anagwirako ntchito. Pamenepo mlembi amufunse chimene anachita ndi manja ake pa malo amodzi. Ngati anaphunzitsa alimi kusunga mbewu ya mbatata ya kachewere kuti isaole, chimenecho chilembedwe, malo anayi enawo atsale. Mawu akuti "woyamba" asalembedwe popanda umboni, chifukwa pagulu sipalephera nkhalamba yokumbukira wina amene anatsogola.

Pepala lisanasindikizidwe, mlembi awerengere munthu mmodzi mbiriyo mokweza, namufunse mawa lake chimene wakumbukira. Akangoti "ndi bwana wina wake", ilembedwenso. Ikatheka, itumizidwe kwa mwini wake kuti aone ngati dzina, udindo ndi zaka zili bwino.