Ndondomeko ya katemera ifike pa khomo la filiji

Inu amene mwangoyamba ntchito pa chipatala chaching'ono, tsiku lina mkulu wanu adzakupatsani buku la ndondomeko ya kasungidwe ka katemera n'kukuuzani kuti mulifupikitse, likwane pa pepala limodzi lomata pa khoma. Ambiri amakopera ziganizo za m'bukumo n'kuika manambala kumayambiriro kwake. Pepala lotere limaoneka bwino, koma silipulumutsa botolo ngakhale limodzi. M'mabuku amenewa mumapezeka ziganizo zonga ichi: katemera asungidwe pa kuzizira koyenera nthawi zonse, kuzizirako kuyang'anidwe pafupipafupi, ndipo pakakhala vuto akuluakulu adziwitsidwe msanga. Mawuwa ndi oona onse. Koma munthu amene waima pa filiji Lamlungu m'mawa, magetsi atathima usiku wonse, sapezamo choti achite. Kuzizira koyenera ndi madigiri angati? Ayang'ane ndani, nthawi yanji? Akuluakuluwo ndi ati? Ntchito yanu ndi kuyankha mafunso amenewa pa pepala, munthuyo asanafike poti awafunse.

Musayambe ndi cholembera. Pitani mukaime pambali pa amene amagwira ntchitoyo, muone manja ake kuyambira potsegula chipinda mpaka ponyamuka kupita kusikelo ya kumudzi. Mudzaona zinthu zimene buku silinatchule, monga kumene kiyi imakhala, ndiponso zimene buku linalamula koma zinasiyidwa kalekale. Zonsezo zilembeni. Kenako tengani chiganizo chilichonse cha m'buku muchiphwanye mpaka sitepe iliyonse itsale ndi chochita chimodzi, cholembedwa ngati lamulo: werengani, lembani, tsekani, imbani foni. Mukaona kuti m'sitepe muli mawu akuti "kenako", dziwani kuti masitepe ndi awiri. Munthu wotanganidwa amachita choyambacho, wina n'kumuitana pakhomo, chachiwiricho n'kuiwalika, koma iye mumtima n'kumati sitepe ija ndaimaliza.

Chiganizo chija chikaphwanyidwa chimayamba kuoneka motere:

1. Mlangizi wa zaumoyo amene ali pa ntchito ya filiji: pofika m'mawa, musanatulutse katemera aliyense, werengani chipangizo choyezera kuzizira.
2. Lembani nambalayo, nthawi ndi siginecha yanu pa tchati.
3. IMANI: ngati nambala ili pakati pa madigiri 2 ndi 8 ndipo palibe chenjezo, pitani pa sitepe 4. Ngati sizili choncho, musatulutse katemera, pitani pa sitepe 9.

Taonani kuti malire alembedwa ndi manambala. Madigiri 2 mpaka 8 ndi malire amene Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limalangiza pa katemera wosungidwa pa chipatala, ndipo kuwerengako kumachitika kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Ngati buku lanu silinapereke nambala pa chinthu china, musaiganizire nokha. Funsani woyang'anira za katemera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, ndipo alembe. Inu mwapatsidwa udindo wosintha kalembedwe, osati lamulo lenilenilo.

Pa nkhani ya maudindo ndi pamene mapepala ambiri amagwera. Sitepe imodzi ikhale ndi mwini mmodzi. Mukalemba kuti "ogwira ntchito onse", namwino adzaganiza kuti mlangizi wawerenga kale, mlangizi naye adzaganiza kuti namwino wa usiku anadutsako. Lembani udindo, osati dzina la munthu, chifukwa anthu amasamutsidwa, ena amapita kumaliro kapena kumaphunziro. Dzinalo likhale pa ndandanda ya sabata yomatidwa pambali, pamodzi ndi la womulowera m'malo ndi nambala yake ya foni. Siyanitsaninso maudindo atatu amene amakonda kusakanizidwa: wochita, wotsimikizira ndi wolamula. Mlangizi amawerenga ndi kulemba. Mkulu wa chipatala amaona tchati ndi kusainira pa tsiku limene mwagwirizana sabata iliyonse. Koma kunena kuti katemerayu atayidwe, kapena agwiritsidwebe ntchito, ndi mawu a munthu amene buku lanu lamupatsa mphamvuyo, kawirikawiri mogwirizana ndi ofesi ya boma. Wachinyamata amene wangoyamba kumene asasenzetsedwe chiweruzo chotere ali yekha. Mantha oti adzudzulidwa amachititsa munthu kutseka filiji mwakachetechete ngati sanaone kanthu, ndipo pepala lolembedwa bwino limamuchotsera manthawo pomuuza kuti mbali yake ndi kuimitsa ntchito ndi kuimba foni basi.

Tsopano malo oimira, amene ndi mtima wa pepala lonse. Si sitepe iliyonse imene iyenera kukhala poimira. Mukaika IMANI pa masitepe khumi ndi asanu, anthu adzazolowera kuwadumpha onse, ngakhale ofunika aja. Dzifunseni mafunso awiri. Kodi apa pakalakwika, zingathe kukonzedwa patsogolo? Kodi cholakwikacho chimaoneka ndi maso? Pamene mayankho onse ali ayi, pamenepo ndiye poimira, pakuti madzi akatayika saoleka. Ndipo malo oimira aliwonse ayenera kunena zinthu zinayi: choyezedwa, malire ake, kumene zilembedwe, ndi chochita malirewo akadutsidwa. Chachinayichi chikasowa, mwangolemba chikumbutso.

Pa filiji, anthu amaopa kutentha, makamaka amene amagwira ntchito ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala. Kutentha kuli ndi mboni yake pa botolo: kachizindikiro kokhala ndi kabokosi mkati mwa bwalo. Kabokosiko kakakhala kowala kuposa bwalo, katemera ali bwino ngati tsiku lake lothera silinakwane. Kakafanana mtundu ndi bwalo kapena kuda kuposa pamenepo, katemerayo sagwiritsidwa ntchito. Koma kachizindikiroka sikanena kalikonse za kuundana. Katemera wa penta, wa chibayo, wa kafumbata ndi woteteza khansa ya khomo la chiberekero amawonongeka akaundana, ndipo akasungunuka botolo limatha kuoneka ngati labwinobwino. Mwana amabayidwa, mayi amabwerera kunyumba ndi buku la kusikelo litalembedwa, koma chitetezo chimene akuyembekezera sichilipo chokwanira. Ichi chimandipweteka mtima kuposa botolo losweka, chifukwa palibe amene amadziwa kuti chachitika. N'chifukwa chake njira yotsatira nambala ikatsika iyenera kulembedwa payokha, mosiyana ndi ya nambala ikakwera.

Tiyeni tione m'mawa wina wa Juni, ku chipatala cha kumapiri a Dedza. Mlangizi wawerenga madigiri 4, nambala yabwino. Koma chipangizo cha Fridge-tag chikuonetsa chenjezo, ndipo chenjezo la kuzizira pa chipangizochi limabwera kuzizira kukakhala pansi pa madigiri -0.5 kwa ola lathunthu. Sitepe 3 ikanangonena za nambala, iye akanapakira katemera n'kukwera njinga. Popeza ikunenanso za chenjezo, akupita pa sitepe 9. Kumeneko ayenera kupeza zoti achite motsatana: apatule katemera yense woopa kuundana, amuike chizindikiro choti asagwiritsidwe ntchito koma akhalebe mozizira, alembe pa tchati, aimbire mkulu wa chipatala nthawi yomweyo. Kuyesa kogwedeza kukhale ndi mwini wake wophunzitsidwa. Amatenga botolo limodzi la gulu lomwelo n'kuliundanitsa dala mpaka ligwire gwa, kulilemba, kulisiya lisungunuke, kenako kuligwedeza limodzi ndi lokayikitsalo kwa masekondi 10 mpaka 15 n'kuwaimika pamodzi powala. Lokayikitsalo likadikha mochedwa kuposa loundanitsidwa dala, katemera sanawonongeke. Likadikha mofulumira chimodzimodzi kapena kuposa, wawonongeka. Kuundanitsako kumatenga maola osachepera khumi, choncho pepala linene chochita ndi sikelo ya tsikulo: kukatenga katemera ku chipatala choyandikana, chotchulidwa dzina, kapena kuuza amayi tsiku lina. Izi muzigwirizane lero, osati amayi atakhala kale pansi pa mtengo ndi ana kumbuyo.

Malo ena awiri oimira ali panjira ya kusikelo. Oyamba ndi popakira. Mapaketi a ayezi ongotuluka mufiriza amaundanitsa katemera m'kabokosi konyamulira, choncho sitepe isangoti "konzani mapaketi". Inene kuti ayalidwe pa tebulo mpaka mutamva madzi akukhutchumuka mkati mukawagwedeza. Khutu la munthu aliyense lingathe kuyeza zimenezo. Achiwiri ndi posakaniza katemera wa BCG ndi wa chikuku. Akasakanizidwa ndi madzi ake, amatayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, chimene chayamba kufika. Lamuloli silingatsatidwe ngati palibe sitepe yoti wosakanizayo alembe nthawi pa botolo asanabaye mwana woyamba.

Mukamaliza kulemba, bwererani ku buku lija muwerenge chiganizo ndi chiganizo, muone ngati lamulo lililonse lapeza nambala yake pa pepala. Kenako perekani pepalalo kwa munthu amene sanagwirepo ntchitoyi, achite motsatira, inu muli chete. Pamene waima n'kukuyang'anani, pali mawu amene asowa. Konzani pepala, musamufotokozere pakamwa. Lembani tsiku pamwamba, wolamula asainire, ndipo pepala lakale lichotsedwe pa khoma tsiku lomwelo.

Pakapita mwezi, tchati chidzakuuzani ngati masitepe anu akutsatidwa. Filiji imene imatsegulidwa ndi kutsekedwa, kunja kukutentha masana ndi kuzizira usiku, siipereka nambala imodzimodzi masiku onse. Mukaona madigiri 5 m'mawa, madigiri 5 madzulo, kuyambira pa 1 mpaka pa 30, cholembera chimodzi ndi dzanja limodzi ngakhale Lamlungu, kayikirani kuti tchaticho chadzazidwa nthawi imodzi. Chipangizo chija chimasunga mbiri ya masiku 30, choncho yerekezani ziwirizo. Zikasiyana, musathamangire kukalipa. Funsani amene anali ndi kiyi Loweruka, ndi ngati ndandanda inatchula womulowera m'malo. Mukapeza kuti sinatchule, lembani dzinalo lero, Lachisanu lisanafike.