Musanakondwere ndi kauntala yanu, lembani nambala zonse 16

Inu achinyamata amene mwayamba kulumikiza timachipi pa bolodi, ndikudziwa kuti kauntala ya mphete imakusangalatsani chifukwa sichedwa kupanga. Mumatenga shifiti rejisita ya mafilipifulopu anayi, Q0 mpaka Q3, n'kubweza waya wochokera ku Q3 kukalowa kumene Q0 imalandirira. Koloko ikagunda kamodzi, chilichonse chimasunthira kumanja malo amodzi, ndipo chimene chatuluka kumapeto chimakalowanso koyambirira. Mukaikamo 1000, mumaona 0100, kenako 0010, kenako 0001, n'kubwereranso pa 1000. Ka 1 kameneka kamayenda ngati chikho chimodzi cha thobwa pakati pa anthu anayi: amene wagwira chikho ndiye nthawi yake. Sipafunikanso geti yomasulira, chifukwa waya uliwonse ukudzinenera wokha.

Koma mafilipifulopu anayi angathe kusunga nambala 16 zosiyana, ndipo inu mukugwiritsa ntchito zinayi zokha. Zina 12 sizinapite kwina kulikonse. Magetsi akangoyaka, chipi chikhoza kudzuka chili pa 0000, ndipo chidzazunguza ziro mpaka batire lithe. Pa 1111 ndi chimodzimodzi. Chikadzuka pa 1010 chizingosinthana ndi 0101. Mankhwala ake ndi geti imodzi ya NOR: m'malo mobweza Q3, lowetsani Q0, Q1 ndi Q2 mu getiyo, ndipo chotuluka chake chikalowe koyambirira. Ikatero, 1 watsopano amabadwa pokhapokha atatu oyambawo ali ziro. Yesani ndi 1111: mupeza 0111, 0011, 0001, kenako 1000, ndipo mphete yabwerera mwakale.

Kumene ndikufuna kukhalitsa ndi pa mphete yopotoka, imene ambiri amaitcha kauntala ya Johnson, chifukwa vuto lake limabisala mochenjera kwambiri. Kusiyana kwake ndi kochepa: chotuluka ku Q3 mumachitembenuza chisanabwerere koyambirira, 1 akhale 0, 0 akhale 1. Mukayamba ndi ziro zokhazokha, ulendo wake ndi uwu:

```
0000 1000 1100 1110 1111 0111 0011 0001
```

Mafilipifulopu omwe aja anayi akukupatsani nambala 8, kuwirikiza kawiri za mphete wamba. Onetsetsani bwino: pa kugunda kulikonse kwa koloko, waya umodzi wokha ndi umene ukusintha. N'chifukwa chake mageti omasulira satulutsa timagetsi tabodza ta kanthawi kochepa, timene timavutitsa mu kauntala wamba ya bainale pamene 0111 ikusanduka 1000 mawaya onse anayi n'kusintha pamodzi. Ndiponso nambala iliyonse imazindikirika ndi geti ya AND ya miyendo iwiri basi. Kuti mudziwe kuti muli pa 1100, mumangofunsa ngati Q1 ali 1 pamene Q2 ali 0, pakuti mwa nambala 8 zija palibenso ina yotero. Pa 1111 mumangoona Q0 ndi Q3.

Mawu akuti "mwa nambala 8 zija" ndi pamene pagona nkhani. Nanga zina 8 zotsala? Tengani pepala, muyambe ndi 0100 ndipo mutsate lamulo lomwelo. Q3 ali 0, ndiye koyambirira kulowa 1, zinazo zisunthe: 1010. Pitirizani choncho:

```
0100 1010 1101 0110 1011 0101 0010 1001
```

Pambuyo pa 1001 pakubweranso 0100. Imeneyi ndi mphete yachiwiri, yathunthu, yotalika mofanana ndi yoyamba, ndipo ilibe khomo lotulukira. Kauntala ikagweramo, kaya poyatsa magetsi, kaya chifukwa mota yapafupi yaponya phokoso pa waya wa koloko, imapitiriza kuyenda mooneka ngati zonse zili bwino.

Mungaizindikire bwanji? Osati ndi mita ya magetsi. Mu mphete yoyenera, Q0 amakhala 1 kanayi ndi 0 kanayi. Mu mphete yolakwika, werengani manambala oyambirira pa mzere uja: 0, 1, 1, 0, 1, 0, 0, 1. Ndi kanayi kanayinso. Koloko ikamathamanga, mita idzaonetsa theka la magetsi anu, pafupifupi mavoti 2.5 ngati mwapereka 5, m'njira zonse ziwiri, inu n'kupita kukafufuza kumene kulibe vuto. Chimene chimaulula ndi kawerengedwe ka kukwera kwa Q0 kuchoka pa 0 kupita pa 1. Koloko ikamagunda ka 8,000 pa sekondi, Q0 wabwino amakwera ka 1,000. Wosochera amakwera katatu pa kuzungulira kulikonse, ndiye ka 3,000. Pa osilosikopu, m'malo mwa mzere wokwera ndi kutsika mofanana, muona mano osalingana, ena otambalala, ena opyapyala.

Ngati mulibe zida zimenezi, chepetsani liwiro la koloko kufika kamodzi pa sekondi ndipo muike tinyali pa mageti 8 omasulira. Kauntala yabwino imayatsa kanyali kamodzi nthawi iliyonse. Ikakhala pa 1010, tinyali titatu timayaka pamodzi: ka 1000 chifukwa Q0 ali 1 pamene Q1 ali 0, ka 1110 chifukwa Q2 ali 1 pamene Q3 ali 0, ndi ka 0011 chifukwa Q1 ali 0 pamene Q2 ali 1. Pa tinyali zimangooneka zosokonekera. Koma mawaya amenewo akakhala kuti akuyatsa makoilo a mota motsatana, makoilo atatu adzakoka nthawi imodzi, ndipo mudzamva ndi chala kuti matiranzisita atentha.

Ambiri amathamangira ku rezisita ndi kapasita pa mwendo wa riseti, kuti poyatsa magetsi chipi chiyambe pa 0000. Ikani, n'zofunika, pamodzi ndi kapasita ya 100 nF pafupi ndi miyendo ya magetsi ya chipi chilichonse. Koma riseti yotere imagwira ntchito kamodzi kokha, poyatsa. Phokoso likabwera patatha maola atatu, palibe wobweza kauntalayo. Kwa ine, kauntala ya Johnson yosadzikonza yokha ndi ntchito yosamalizidwa, ngakhale itayenda bwino tsiku loionetsa kwa aphunzitsi.

Kuikonza sikudula. Yang'ananinso mizere iwiri ija, mufune nambala zimene Q0 ndi Q3 onse ali 0. Mu mphete yoyenera ilipo imodzi yokha, 0000, ndipo yotsatira yake ndi 1000. Mu yolakwika zilipo zitatu: 0100, 0110 ndi 0010. Ndiye ikani lamulo lakuti Q0 ndi Q3 akakhala ziro onse awiri, kugunda kotsatira kulowetse 1000 mokakamiza. Mphete yoyenera siisokonezeka, pakuti kumeneko n'kumene imapita kale, pamene yolakwika yabooka malo atatu. Pa chipi cha 74HC194, mangani S0 ku magetsi, ikani 1000 pa D0 mpaka D3, ndipo mugwiritse ntchito mageti awiri a 74HC02:

```
DSR = NOT Q3
S1  = NOR(Q0, Q3)
```

S1 akakhala 0, chipi chimasuntha kumanja. Akakhala 1 pamodzi ndi S0, chimameza zimene zili pa D0 mpaka D3. Yesani njira yaitali kwambiri: 1010, 1101, 0110, kenako 1000. Kugunda katatu, yabwerera.

Opanga chipi cha CD4017 anaganizira zomwezi. M'kati mwake muli kauntala ya Johnson ya mafilipifulopu asanu yotulutsa mawaya 10, kutanthauza kuti mwa nambala 32, zokwana 22 ndi zosafunika, ndipo anaikamo mageti oibweza ikasochera. Ngati ntchito yanu ikungofuna masitepe 10 kapena 8, gulani CD4017 kapena CD4022. Koma mukamalumikiza yanu, musangoona ikuyenda n'kuwotcherera. Lowetsani dala nambala 8 zolakwika zija imodzi imodzi, mugunde koloko ndi dzanja kudzera pa batani lotetezedwa kuti lisagunde kawiri, ndipo mulembe m'kope kumene iliyonse yakathera.