Deti la 11/10/2023 pa invoisi ya sikani: ndi Okutobala kapena Novembala?

Invoisi inafika pa imelo ili ya sikani, yopendekeka pang'ono, yokhala ndi mthunzi wa sitepulo pakona. Inachokera ku kampani ya ku America imene inatigulitsa zipangizo za mu labu, mtengo wake madola 4,250. Pamwamba kudzanja lamanja panalembedwa 11/10/2023. Mnzanga amene amalowetsa mapepala m'kompyuta sanaganize kawiri, analemba 11 Okutobala, chifukwa ife kuno ku Malawi timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kumalizira chaka. Anthu a ku America amayamba ndi mwezi. Kwa iwo manambala omwewo ndi 10 Novembala.

Chaka china kusiyana kwa mwezi umodzi sikukanatidetsa nkhawa kwambiri. Koma pa 9 Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Ofesi yathu imalemba ngongole za madola pa mtengo wa tsiku la invoisi. Ndiye ngati deti lija ndi 11 Okutobala, ngongoleyo ndi K5,015,000. Ngati ndi 10 Novembala, ndi K7,225,000. Manambala awiri ongosinthana malo akusiyanitsa mabuku ndi K2,210,000, ndipo palibe chilichonse pa pepalalo chimene chikuoneka cholakwika.

Vutoli silikhudza madeti onse. Deti limasokoneza pokhapokha manambala awiri oyambawo ali 12 kapena ochepera apo, ndipo ali osiyana. 05/05 ndi 5 Meyi kulikonse, ndipo 25/03 sangakhale mwezi wa 25. Mukawerengetsa, pa chaka pali masiku 132 amene angawerengedwe pawiri, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a chaka. Pa mulu wa malisiti makumi atatu ochokera kunja, yembekezani kuti khumi kapena kuposerapo akhala otere.

Musanayambe kufunsa kuti mwezi ndi uti, onetsetsani kuti manambalawo mwawaona bwino. Kulitsani chithunzicho pa kompyuta mpaka nambala iliyonse ioneke payokha. Pa sikani yofooka, makamaka ya lisiti ya pepala lopyapyala lija limene limafufutika likakhalitsa m'chikwama, 1 amafanana ndi 7, 3 amafanana ndi 8, ndipo kamzere kolekanitsa manambala kamaoneka ngati 1. Mapulogalamu osandutsa chithunzi kukhala malemba amaphonya pamalo omwewa. Ngati pulogalamu yawerenga 17/10 pomwe pepala likunena 11/10, mudzakhulupirira kuti mwapeza umboni woti tsiku lili koyamba, pomwe umboniwo ndi wabodza. Choncho yang'anani chithunzi chenichenicho, osati malemba amene pulogalamu yatulutsa.

Mukakhutira ndi manambala, fufuzani deti lina pa pepala lomwelo lokhala ndi nambala yopitirira 12. Yang'anani tsiku lotumizira katundu, tsiku la oda, timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi tonena nthawi imene pepalalo linasindikizidwa. Mukapeza 10/27/2023 mwamaliza, mwezi uli koyamba. Pa sitetimenti ya ku banki zimenezi sizivuta, chifukwa ya mwezi wathunthu nthawi zambiri imakhala ndi zochitika za pambuyo pa 12, komanso madeti ake amatsatana, nambala imene ikukwera mzere ndi mzere ndiyo tsiku.

Pano pali msampha umene ndimauona kawirikawiri. Pepala limodzi limadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo aliyense amalemba deti mwa kwawo. Invoisi yosindikizidwa ku America ingakhale ndi chidindo cha wotulutsa katundu pa bwalo la ndege ku Lilongwe, siginecha ya wolandira ku sitoro, ndi chidindo cha ku banki. Mukaona 24/11/2023 pa chidindo cha kuno, deti limenelo likukuuzani za mwini chidindoyo basi, silikunena kanthu za wosindikiza invoisi. Yerekezani madeti a dzanja limodzi okhaokha: osindikizidwa ndi osindikizidwa anzake, a chidindo paokha, olembedwa ndi cholembera paokha.

Invoisi yathu ija inalibe deti lopitirira 12. Inali ndi madeti awiri okha osindikizidwa, 11/10/2023 ndi 12/10/2023, lachiwirilo kukhala tsiku lomaliza kulipira. Pakati pawo panali mawu akuti `Net 30`, kutanthauza kuti ngongole ilipiridwe pasanathe masiku 30. Apa ndi pamene masamu ochepa amathandiza. Yesani mawerengedwe onse awiri n'kuona amene akugwirizana ndi pepala lonse. Mwa kwathu, invoisi ndi ya 11 Okutobala ndipo iyenera kulipiridwa pa 12 Okutobala, mawa lake lomwe, zimene zikutsutsana ndi masiku 30 aja. Mwa ku America, ndi ya 10 Novembala, ndipo mukawonjezera masiku 30 mufika pa 10 Disembala ndendende. Yankho linali pa pepala pomwepo kuyambira pachiyambi: 10 Novembala, K7,225,000.

Njira iyi yoyesa mbali zonse ziwiri ndimaikhulupirira kuposa zina zonse, ndipo imagwira pa zinthu zambiri. Nambala ya invoisi ndi imodzi. Ngati kampani yomweyo inakutumiziranipo nambala 4410 ya deti lodziwika bwino la kumapeto kwa Okutobala, ndiye ya nambala 4436 siingakhale ya 11 Okutobala. Tsiku limene imelo inafika kapena limene sikani inapangidwa limaika malire, chifukwa nthawi zambiri pepala silikhala ndi deti la mtsogolo mwa tsiku limene munalilandira. Tsiku la pa mlungu nalo limathandiza nthawi zina. Deti la 03/10/2024 ndi 3 Okutobala, Lachinayi, kapena 10 Malichi, Lamulungu. Ngati pepalalo ndi la ndalama zoikidwa pa kauntala ya banki, Lamulungu n'lokayikitsa. Koma ndalama za pa foni ndi za pa khadi zimayenda tsiku lililonse, ndipo pa invoisi yathu njirayi sikanathandiza, popeza 11 Okutobala 2023 linali Lachitatu ndipo 10 Novembala linali Lachisanu.

Adiresi ya kampani, chizindikiro cha dola ndi kukula kwa pepala ndi zongokupatsani maganizo. Pepala la ku America ndi lalifupi ndi lotambalala pang'ono kuposa A4 wathu, ndipo mukatsegula zambiri za fayilo ya PDF mungaone 8.5 x 11. Koma kampani ya ku America yokhala ndi nthambi ku Nairobi ingalembe tsiku koyamba, ndipo shopu ya ku Limbe imene kompyuta yake sinasinthidwe chigulireni ingatulutse malisiti oyamba ndi mwezi, mwini wake osadziwa n'komwe. Ku Canada mawerengedwe onse awiri amapezeka. Ndiponso musaiwale kuti alipo achitatu. Pa uthenga wa banki wa MT103, mzere wa `32A` umayamba ndi chaka, choncho 231110 ndi 10 Novembala 2023, osati 23 Novembala 2010.

Zoopsa kwambiri zimachitika mukasandutsa sikani ya mizere yambiri kukhala tebulo n'kuitsegula mu Excel. Pulogalamuyi imawerenga madeti motsatira dziko limene kompyutayo inaikidwira. Tinene kuti yanu imayamba ndi tsiku, ndipo sitetimenti ndi ya ku America. Excel ikaona 11/10/2023 imaivomera mwakachetechete ngati 11 Okutobala. Ikaona 11/24/2023 imalephera, chifukwa kulibe mwezi wa 24, ndipo imangoisiya ngati malemba wamba. Ndime imodzi imakhala ndi madeti otembenuzidwa ndi ena amene si madeti n'komwe. Mudzazindikira poona kuti ena atsamira kumanja kwa bokosi pomwe ena atsamira kumanzere. Kuti mutsimikize, lembani izi m'ndime ya pambali n'kukokera pansi:

```
=ISNUMBER(A2)
```

Mukaona `TRUE` ndi `FALSE` zosakanikirana, ndipo mwa onse a `TRUE` palibe tsiku lopitirira 12, dziwani kuti ndimeyo yawonongeka. Kusintha maonekedwe a bokosi pa `Format Cells` sikukonza kanthu, kumangosintha chovala, deti la mkati likadali lolakwika. Chabwino n'kutseka fayiloyo osasunga, n'kuilowetsanso kudzera pa `Data` ndi `From Text/CSV`, n'kuuza pulogalamu kuti ndimeyo ndi ya madeti a `English (United States)`. Ngati ndime yonse ikadali malemba, `Text to Columns` imakulolani kusankha `MDY` pa sitepe yachitatu. Ngati fayilo yoyamba inatayika, mizere ya `TRUE` yokhayo ingabwezeredwe motere:

```
=DATE(YEAR(A2),DAY(A2),MONTH(A2))
```

Chitani zimenezi kamodzi kokha, m'ndime yatsopano, ndipo yakaleyo muisiye ili momwemo kuti wobwera pambuyo panu aone chimene munasintha.

Nthawi zina njira zonsezi zimalephera: lisiti imodzi, deti limodzi, kampani imene simunagulepo kanthu. Apo funsani, ndipo samalani kafunsidwe. Mukalemba kuti “kodi deti lake ndi 11/10?” adzayankha kuti inde, aliyense akuganiza zake. Lembani mwezi m'mawu, muwapatse madeti onse awiri kuti asankhe, ndipo yankho lawo muliphatikize ku vocha. Poyembekezera yankho, musalowetse deti longoganizira ngati mawerengedwe awiriwo akugwa m'miyezi imene ikusintha kanthu, monga mtengo wa dola, mwezi wa msonkho kapena chaka cha ndalama. Chaka cha ndalama cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kwa ofesi yotsatira kalendala imeneyo 04/03/2024 ndi 4 Malichi wa chaka chotha kapena 3 Epulo wa chaka chatsopano.

Mukapeza yankho, lilembeni mosasiya mpata wa funso lomweli. Pa vocha lembani mwezi m'mawu, ndipo pa dzina la fayilo yambani ndi chaka cha manambala anayi, monga mwa dongosolo la ISO 8601, zimene zimathandizanso kuti mafayilo azindandalika okha motsatana masiku. Pepala la eni ake musalifufute kapena kulembapo deti lina pamwamba pa lawo, oditala amafuna kuona mmene linabwerera. Pa vocha ya invoisi ija tinalemba kuti “10 Novembala 2023, pa invoisi palembedwa 11/10/2023, mwezi koyamba, malinga ndi masiku 30 olipirira”, fayilo tinaitcha `2023-11-10_invoisi_4436.pdf`, ndipo m'kaundula wa makampani otigulitsa katundu tinawonjezera ndime yonena kuti kampani iliyonse imayamba ndi tsiku kapena ndi mwezi.