Madzi Angati pa Mpunga? Phunziro la Mphika Wosakhetsa

Tikaphika mpunga mosakhetsa madzi, muyeso timauganiza moto usanayake, chifukwa madzi onse amene tathira ayenera kuthera mumphika momwemo. Ambirife tinaphunzira lamulo limodzi: kapu imodzi ya mpunga, makapu awiri a madzi. Lamuloli lawononga mpunga wambiri, makamaka m'miphika ikuluikulu ya pa ukwati kapena pa Idi.

Madzi a mumphika amapita kuwiri. Ena amalowa mu njere, ena amathawa ngati nthunzi. Njere za mpunga woyera zimamwa madzi pafupifupi ofanana ndi muyeso wake, kapu pa kapu. Madzi opitirira pamenepo ndi a nthunzi, ndipo kuchuluka kwa nthunzi sikutengera kuchuluka kwa mpunga ayi. Kumatengera kukula kwa kukamwa kwa mphika, kukhwima kwa chivundikiro, ukali wa moto ndi nthawi imene mphika wakhala pamoto.

Tiyambe ndi mpunga wa njere zazitali, monga Kilombero wa ku Karonga. Pa makapu 2 a mpunga wotsuka bwino timathira makapu 3 a madzi: awiri a njere, imodzi ya nthunzi. Madzi akawira tichepetse moto, tivundikire, tidikire mphindi 15 mpaka 18 osavundukula kapena kutakasa. Kenaka tiphule n'kuusiya wovundikira mphindi 10 kuti chinyezi cha pansi chikwere pamwamba.

Tsono tiyerekeze kuti kwabwera alendo, tikuphika makapu 10. Masamu a m'kalasi atiuza kuti tichulukitse kasanu, madzi akhale makapu 15. Apa m'pamene masamuwo amatinamiza. Njere zimwa makapu 10, koma nthunzi sichuluka kasanu, popeza mphikawo wangokulako pang'ono kukamwa ndipo nthawi yophika ndi yomweyo. Makapu 12 kapena 13 ndi okwanira. Tikathira 15, makapu awiri kapena atatu otsalawo alowabe mu njere, ndipo mpunga wa pansi ukhala phala pamene wa pamwamba ukuoneka bwino. Wotsatira lamulo lakale lija n'kuthira makapu 20, ameneyo akonzeretu masipuni.

Mpunga wofutsa ndi wina. Uwu ndi uja wachikasu pang'ono, umene amauviika m'madzi, kuutenthetsa ndi nthunzi ukadali m'mankhusu, kuuyanika, kenaka n'kuupuntha. Kufutsako kumalimbitsa njere, choncho madzi amalowa mochedwa. Umafuna mphindi 20 mpaka 25, ndipo nthawi yotalikayo imatanthauza nthunzi yambiri. Pa makapu 2 tithire makapu 4, mwina n'kuonjezera theka ngati chivundikiro chili chopindika. Ubwino wake ngwakuti umakhululuka: madzi akachulukirako pang'ono njere sizimatana msanga. Koma akachepa, umatuluka wolimba ngati mphira.

Mpunga wosweka, umene ambiri timagula chifukwa ngwotsika mtengo, ndiye wosakhululuka. Njere yothyoka ili ndi mbali zambiri zolowera madzi, kotero imapsa msanga, pa mphindi 10 mpaka 12, ndipo imatulutsa ufa wambiri womata. Tiutsuke katatu kapena kanayi mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, kenaka pa makapu 2 tithire makapu 2 ndi theka basi. Vuto lenileni limadza pamene mpunga wa pamsika uli wosakanizika, wathunthu ndi wosweka. Titape dzanja limodzi, tiumwaze pa mbale, tione. Ngati wosweka wafika theka, tiuyese ngati wosweka, chifukwa kuonjezera madzi n'kotheka koma kuwachotsa mu njere sikutheka.

Miyeso yonseyi ndi poyambira chabe. Mpunga wokolola kumene uli ndi chinyezi, umafuna madzi ocheperako kusiyana ndi umene wagona chaka m'thumba. Woviikiratu kwa theka la ola wamwa kale, nawonso tiuchepetsere.

Mphika umatiuza wokha mmene zayendera. Nthawi ikakwana, pamwamba pazioneka timabowo ndipo tikapendeketsa mphika pasatuluke madzi. Tifinye njere imodzi pakati pa zala. Ikakhala ndi kamtima koyera kolimba pamene pansi pauma, madzi anachepa kapena nthunzi inathawa: tiwaze madzi otentha kotala ya kapu, tivundikire mphindi 5 pa moto wochepa. Pa mbaula, tichotse makala ena pansi n'kuwaika pa chivundikiro. Koma ngati pansi papserera pamene pamwamba pali pamadzi ndiponso posapsa, muyeso unali bwino. Moto ndiwo unali waukali, ndipo ulendo wina tiuchepetse madzi akangowira.