Phunziro: Kuwerenga nkhalango ndi minda kuchokera kumwamba

Mayi akapita ndi mwana kusikelo, achipatala amamuyeza kulemera n'kuika kadontho pa khadi. Kadontho kamodzi sikanena zambiri. Koma madontho a miyezi yambiri akalumikizidwa, mzere wake umaonetsa ngati mwana akukula bwino kapena wayamba kunyentchera. Akatswiri a zankhalango ndi zaulimi amayeza dziko mofanana ndi mmenemu, pogwiritsa ntchito masetilaiti.

Setilaiti ndi makina amene amazungulira dziko ali kutali kumwamba, akujambula zapansi. Ena otchuka ndi a Landsat, amene dziko la Amereka linayamba kutumiza mu 1972. Setilaiti imodzi ya Landsat imauluka pa mtunda wa makilomita oposa 700, ndipo imabwereranso pamalo omwewo pakatha masiku 16. Chithunzi chake chimakhala chogawikana m'timabokosi. Kabokosi kalikonse ndi malo a mamita 30 mulitali ndi mamita 30 mulifupi. Munda wa hekitala imodzi umakwana timabokosi pafupifupi 11.

Nanga makinawo amadziwa bwanji kuti m'kabokosi muli zomera? Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri. Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira chifukwa limakugwiritsa ntchito popanga chakudya chake. Koma pali kuwala kwina kumene maso athu sakuona, kumene pa kompyuta kumalembedwa kuti NIR. Kumeneku tsamba lamoyo limakubweza kumwamba kwambiri. Dothi lopanda kanthu silisankha choncho: limabweza mitundu yonse iwiri mosasiyana kwenikweni. Setilaiti imayeza kuwala kuwiriku, ndipo akatswiri amapanga nambala imodzi yotchedwa NDVI.

```
NDVI = (NIR - Red) / (NIR + Red)
```

Pamenepa Red ndi kuwala kofiira kuja. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti pa magawo 100 a kuwala, mitengo yabweza magawo 45 a NIR ndi magawo 5 okha a kofiira. Kuchotsera 5 pa 45 kutipatsa 40. Kuphatikiza 45 ndi 5 kutipatsa 50. Tikagawa 40 ndi 50 tipeza 0.8. Tsopano titenge munda wongolimidwa kumene, wobweza magawo 30 a NIR ndi 20 a kofiira. Kuchotsera kutipatsa 10, kuphatikiza 50, ndipo yankho ndi 0.2. Nambalayi singapitirire 1. Ikayandikira 1 ndiye kuti masamba amoyo ndi ochuluka. Ikakhala pafupi ndi 0, pamenepo mpa dothi kapena thanthwe. Madzi akuya nthawi zambiri amapereka nambala yochepera 0.

Nambala ya tsiku limodzi ikhoza kutinamiza. Mu Febuluwale dziko lonse limakhala lobiriwira. Munda wa chimanga chomasula ngayaye ukhoza kupereka nambala yofanana ndi ya nkhalango. Munthu woona chithunzi cha mwezi umenewu chokha anganene kuti mitengo ilipo, pamene inadulidwa kalekale. N'chifukwa chake timayeza malo omwewo mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, n'kulumikiza madontho.

Mzere wa munda wa chimanga ndi wosavuta kuuzindikira. Mu Novembala uli pansi, poti pali mizere ya dothi yokha. Mvula ikagwa umakwera msangamsanga, umafika pamwamba cha mu Febuluwale, kenaka umatsika chimanga chikamauma. Pofika Juni wabwerera pansi. Mzere wa nkhalango yachilengedwe ya mitengo ya mombo ndi tsamba ndi wosiyana. Mizu yake imamwa madzi akuya, choncho masamba amakhalabe mu Meyi ndi Juni. Amayoyoka cha mu Ogasiti, ndipo mitengoyi imaphukanso cha mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe. Aliyense amene anakulira pafupi ndi nkhalango yotere anaziona nsonga zofiirira zija zikusanduka zobiriwira dzuwa lili phwee. Choncho mzere umene wayamba kukwera mvula isanabwere ndi chizindikiro cha mitengo, pokhapokha pamalopo pakhale pothirira.

Tsopano titenge nkhalango ya Dzalanyama, kumadzulo cha kumwera kwa Lilongwe. Kumeneku ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene anthu a mumzinda amamwa, ndipo nkhalangoyi yavutika kwambiri ndi kuotcha makala. Tiyerekeze kabokosi kamodzi m'mphepete mwake. Tisankhe mwezi wa Juni, chifukwa mitambo imakhala yochepa, minda yauma, koma mitengo ikadali ndi masamba. Kwa zaka zinayi zotsatizana kabokosi kathu kapereka pafupifupi 0.6 mu Juni. Chaka chachisanu kapereka 0.3. Kodi mitengo yadulidwa?

Tisathamangire kuyankha. Poyamba tione ngati tsikulo kunali mtambo kapena utsi. Mtambo umatsitsa nambala mwadzidzidzi, koma pa chithunzi chotsatira nambala imabwerera pamene inali. Kadontho kotere timakachotsa. M'nyengo ya dzinja vutoli limakula, moti zithunzi zambiri zimangotayidwa.

Kenaka tiyang'ane timabokosi ta m'kati mwa nkhalango. Ngati tonse tatsika limodzi, mwina ndi chilala, monga chija cha nyengo ya 2015 mpaka 2016. Chilala chimagwira dera lonse, ndipo mvula ikabwera bwino chaka chinacho mzere umachira. Nkhwangwa sichita choncho. Imatsitsa kabokosi aka n'kusiya koyandikana nako kali chimodzimodzi. Moto wolusa nawonso umatsitsa nambala, koma umabwera kwambiri cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo mitengo ikuluikulu imaphukanso.

Umboni weniweni uli m'zaka zotsatira. Ngati chaka chachisanu ndi chimodzi ndi chachisanu ndi chiwiri Juni akuperekabe 0.3, kukwera kwa mu Okutobala kuja kwasowa, koma mu Febuluwale mzere ukukwerabe ndithu, ndiye kuti pamalopo pasanduka munda. Mawonekedwe onse a mzere asintha, kuchoka pa wa mitengo kupita pa wa chimanga. Tikhozanso kutchula chaka chimene izi zinachitika.

Pali chinthu chimodzi chimene aliyense wogwiritsa ntchito njirayi ayenera kusamala nacho. Ootcha makala akadula mitengo n'kuchoka osalimapo, zitsa zimaphuka. Pakapita zaka zochepa mphukira zimathithikana, nambala n'kukweranso. Wina angasangalale kuti nkhalango yabwerera, chonsecho pali timitengo tosapitirira msinkhu wa munthu. NDVI imayeza kubiriwira basi. Siyeza kutalika kwa mtengo, kapena kunenepa kwa thunthu. Sisiyanitsanso bwino mombo ndi bulugamu. Minda ya tiyi ku Mulanje ndi nzimbe zothirira ku Nchalo zimabiriwira ngakhale m'chilimwe, koma si nkhalango. Ndiponso ngati anthu akudula mtengo umodziumodzi, kabokosi ka mamita 30 kamachedwa kuonetsa. Masetilaiti a Sentinel-2 a ku Ulaya, amene anayamba mu 2015, ali ndi timabokosi ta mamita 10, ndipo amathandizako pamenepa.

Pachifukwa ichi katswiri wabwino samathera pa kompyuta. Amapita pamalopo, amaona zitsa ndi mauvuni a makala, amafunsa a mfumu ndi a komiti yoyang'anira nkhalango kuti malowo anali otani kale.

Nanunso yesani. Sankhani malo awiri m'mudzi mwanu: munda wanu wa chimanga ndi kumanda kumene kuli mitengo yachilengedwe. Lembani miyezi 12 m'munsi mwa pepala. Pa mwezi uliwonse ikani kadontho m'mwamba ngati malowo amakhala obiriwira, kapena m'munsi ngati amakhala ouma. Lumikizani madonthowo, ndipo mukakambirane ndi anzanu m'kalasi mwezi umene mizere iwiriyo yatalikirana kwambiri.